Mmene mungawerengere refarensi kuti mupeze nkhani yeniyeniyo

Kumapeto kwa buku lamaphunziro, lipoti kapena pepala la kafukufuku kumakhala mndandanda wa zonse zimene mlembi anawerenga. Mzere uliwonse pa mndandandawo ndi refarensi, ndipo ntchito yake ndi kukulozerani pamene pali nkhaniyo kuti mukaiwerenge nokha. Mayina a olemba ndi chaka sizivuta. Pamene anthu ambiri amakakamira ndi kumapeto kwa mzere, pa manambala ooneka ngati awa: 63(4), 741–782. Manambala amenewa ndiwo keyala ya nkhaniyo, ndipo mukawadziwa bwino amathanso kukuuzani ngati refarensiyo inalembedwa molakwika.

Tigwiritsa ntchito refarensi yeniyeni ya nkhani yonena za chiyankhulo chathu chomwechi. Anailemba ndi a Joan Bresnan a ku yunivesite ya Stanford ndi a Sam Mchombo, katswiri wa ziyankhulo wa ku Malawi. Pa kalembedwe ka APA, komwe aphunzitsi ambiri a m'makoleji amafuna, imaoneka motere:

Bresnan, J., & Mchombo, S. A. (1987). Topic, pronoun, and agreement in Chicheŵa. *Language*, *63*(4), 741–782.

Choyamba: kuchokera m'kati mwa nkhani kupita ku mndandanda

Nthawi zambiri simuyambira pa mzere wonsewu. Mumakhala mukuwerenga, kenaka mumakumana ndi kachidule m'mabulaketi: (Bresnan & Mchombo, 1987, p. 745). Tengani dzina loyamba ndi chaka, pitani kumapeto kwa bukulo. Mndandanda wa APA umasanjidwa motsata alifabeti ya dzina la bambo la mlembi woyamba, choncho mufufuze pa B, osati pa M, ngakhale dzina limene mukulidziwa bwino likhale la a Mchombo.

Chaka musachinyozere. Anthu awiri omwewa analembanso limodzi nkhani ina mu 1995 m'magazini ina, ndiye mukangoona mayina n'kuthamanga, mutha kukopera mzere wa nkhani imene simukuifuna. Ngati olemba omwewo anatulutsa nkhani ziwiri m'chaka chimodzi, chakacho chimakhala ndi kachilembo kumapeto, 1987a ndi 1987b, ndipo kachilemboko kayenera kufanana ndi ka m'kati mwa nkhani.

Mabuku ambiri a zachipatala sachita zimenezi. Iwo amangoika kanambala, monga [12] kapena 12 wamng'ono pamwamba pa mawu, ndipo mndandanda wawo umatsata manambalawo. Mumangopita pa 12.

Chachiwiri: zindikirani mtundu wa chinthu chimene mukufuna

Musanayambe kusaka, dziwani ngati ndi nkhani ya m'magazini ya kafukufuku, buku lathunthu, kapena mutu umodzi wa m'buku. Chilichonse chimasakidwa mosiyana, ndipo mzerewo umadziulula wokha.

Yang'anani mitu imene ili mu mzerewo. Mu refarensi yathu muli mitu iwiri. Woyamba, `Topic, pronoun, and agreement in Chicheŵa`, uli m'zilembo zoongoka. Wachiwiri, *Language*, uli m'zilembo zopendekeka. Lamulo lake ndi lakuti chopendekekacho ndicho chinthu chimene mungachinyamule m'manja, pamene choongokacho ndi kachigawo ka m'kati mwake. Apa ndiye kuti *Language* ndi magazini, ndipo nkhani ya a Bresnan ndi a Mchombo ndi imodzi mwa nkhani zambiri zimene zili m'menemo. Mitu iwiri yotsatidwa ndi manambala atatu ndi chizindikiro cha nkhani ya m'magazini.

Buku lathunthu lili ndi mutu umodzi wokha, wopendekeka, ndipo mzere wake umathera pa dzina la kampani yosindikiza, popanda masamba. Mwachitsanzo, buku la a Mchombo la 2004, *The Syntax of Chichewa*, refarensi yake imathera pa Cambridge University Press basi.

Mutu wa m'buku nawo umakhala ndi mitu iwiri, koma pakati pake pamakhala kamawu `In`, kenaka mayina a anthu ena otsatidwa ndi `Ed.` kapena `Eds.`, omwe ndi akonzi amene anasonkhanitsa bukulo. Masamba ake amalembedwa m'mabulaketi ndi `pp.` kutsogolo. Mukaona zimenezi, kafufuzeni dzina la buku ndi la mkonzi. Dzina la amene analemba mutuwo kawirikawiri silipezeka m'katalogi ya laibulale.

Pa fotokope kapena pa uthenga wa pa foni zilembo zopendekeka zimasowa, zonse n'kuoneka zofanana. Zikatero, tsatani malo: dzina limene lili pafupi kwambiri ndi manambala a kumapeto ndilo la magazini.

Chachitatu: manambala atatu aja

Awerengeni ngati keyala ya nyumba ya ku Lilongwe, imene imayamba ndi eriya, kenaka sekita, n'kuthera pa puloti. Mumachoka pa chachikulu kupita pa chaching'ono.

Nambala yoyamba, 63, ndi voliyumu. Magazini a kafukufuku amatuluka pang'onopang'ono, ndipo zonse zimene zatuluka m'nyengo imodzi, kawirikawiri chaka chimodzi, zimawerengedwa ngati voliyumu imodzi. *Language* ndi magazini ya bungwe la Linguistic Society of America, ndipo inayamba kutuluka mu 1925. Chaka chimenecho inali voliyumu 1, mu 1926 voliyumu 2, mpaka kufika pa 63 mu 1987. Mutha kuwerengera nokha: 1987 kuchotsa 1925 ndi 62, kuphatikizapo chaka choyambacho ndi 63. Pa APA nambala ya voliyumu imapendekeka pamodzi ndi dzina la magazini. Pa makina imalembedwa `Volume` kapena `Vol.`, ndipo m'makatalogi ena imangokhala `v.`

Nambala ya m'mabulaketi, (4), ndi kope. Voliyumu siituluka yonse tsiku limodzi. *Language* imatuluka kanayi pa chaka, mu Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala, ndipo kabuku kalikonse kamene katuluka ndi kope limodzi. Kope 4 la voliyumu 63 ndi la Disembala 1987. Pa makina mudzaona `Issue 4`, `No. 4` kapena `Number 4`, zonsezi ndi chimodzi. Onani kuti pakati pa 63 ndi bulaketi palibe mpata, ndipo 4 sapendekeka.

Musaganize kuti nambala ya kope ndi mwezi. Kope 4 likanakhala la Epulo magazini ikanakhala yotuluka mwezi ndi mwezi. Kwa yotuluka kanayi pa chaka ndi lomaliza, ndipo magazini yotuluka kawiri pa chaka ilibe n'komwe kope 4.

Manambala omaliza, 741–782, ndi masamba: nkhaniyo ikuyambira pa tsamba 741 n'kuthera pa tsamba 782. Kamzere kapakatiko kakutanthauza "mpaka". Kuti mudziwe kutalika kwa nkhani, chotsani yoyamba ku yomaliza n'kuwonjezera 1, chifukwa tsamba loyamba nalo ndi la nkhaniyo:

```
782 − 741 + 1 = 42
```

Masamba 42. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi musanapite kukapulinta kapena kuchititsa fotokope, komanso zimathandiza kuona ngati fayilo imene mnzanu wakutumizirani ndi yathunthu. Ngati ili ndi masamba 20, mwalandira theka.

Apa pali funso limene munthu woganiza amafunsa: kodi kope limodzi lingakhale ndi masamba opitirira 700? Nthawi zambiri ayi. Magazini ambiri a kafukufuku sayambiranso pa tsamba 1 kope latsopano likatuluka. Kope 1 limayamba pa 1, kope 2 limapitiriza pamene loyamba linalekezera, mpaka voliyumu ithe. N'chifukwa chake kope 4, lomwe ndi kabuku kosanenepa kwambiri, lili ndi tsamba 741 m'kati mwake. Voliyumu yatsopano ikayamba m'pamene masamba amabwerera pa 1. Taonani nkhani ina ya a Bresnan, yomwe analemba ndi a Jonni Kanerva, yonenanso za Chichewa: *Linguistic Inquiry*, *20*(1), 1–50, ya 1989. Kope 1, tsamba 1: imeneyi ndi nkhani yotsegulira voliyumu yonse.

Pa chifukwa chimenechi marefarensi ambiri sasonyeza kope. Mutha kupeza nkhani yathu italembedwa kuti *Language*, *63*, 741–782, ndipo palibe cholakwika. Malamulo akale a APA ankanena kuti kope lisiyidwe ngati masamba akupitirira voliyumu yonse, popeza mu voliyumu 63 muli tsamba 741 limodzi lokha. Malamulo a masiku ano amati lilembedwe nthawi zonse ngati lilipo. Kope likasowa, tsegulani makope a voliyumuyo, muone limene masamba ake akuphatikiza nambala yanu. Nambala yaikulu ngati 741 ikuuzani kuti muyambire ku makope akumapeto.

Koma alipo magazini ena, makamaka aang'ono ndi a mabungwe, amene kope lililonse limayamba pa tsamba 1. Kumeneko kope ndi lofunika zedi, chifukwa voliyumu ya makope anayi imakhala ndi tsamba 15 kanayi. Refarensi yotere ikasowa kope, mulibe kuchitira mwina koma kutsegula tsamba 15 la kope lililonse mpaka mutapeza mutu wanu.

Chinthu china chosokoneza: masamba a mu refarensi ndi osiyana ndi tsamba la m'kati mwa nkhani lija. 741–782 ndi malire a nkhani yonse. `p. 745` ndi tsamba limodzi pamene pali mfundo imene mlembi anatenga. `p.` mmodzi ndi tsamba limodzi, `pp.` ndi masamba angapo. Tsamba lotchulidwalo liyenera kukhala pakati pa malire aja. Wina akalemba `p. 812` pa nkhani yothera pa 782, pali pamene pasokonekera.

Zovala zina za keyala yomweyo

Si onse amalemba motsata APA. Nkhani yathu yomweyi, mbali yake yakumapeto, ingaoneke mwa njira izi:

```
Language 63, no. 4 (1987): 741–82.
Language, vol. 63, no. 4, 1987, pp. 741–82.
Language. 1987;63(4):741-82.
Language 63.741–82.
```

Woyamba ndi kalembedwe ka Chicago, kofala pa mbiri yakale. Wachiwiri ndi MLA, ka anthu a zolembalemba, ndipo ndiko kosavuta kuwerenga chifukwa kamatchula chilichonse ndi dzina. Wachitatu ndi Vancouver, ka madokotala ndi anamwino. Wachinayi mumaupeza m'mapepala a akatswiri a ziyankhulo, ndipo kadontho kali pakati pa 63 ndi 741 si ka desimo, kakungolekanitsa voliyumu ndi tsamba. M'mizere yonseyi dongosolo silinasinthe: voliyumu patsogolo, masamba kumapeto, kope pakati ngati lilipo. Chaka chokha ndicho chimayendayenda.

741–82 sikutanthauza kuti nkhani ikubwerera m'mbuyo kuchoka pa 741 kupita pa 82. Angosiya 7 wobwerezedwa, ndiye muwerenge 782. Kalembedwe ka Vancouver kamadula kwambiri, mpaka kusiya nambala imodzi yokha, monga tionere pa chitsanzo ichi.

Nkhani yotchuka ya James Watson ndi Francis Crick yofotokoza kapangidwe ka DNA imalembedwa chonchi kumapeto kwake:

```
Nature. 1953 Apr 25;171(4356):737-8.
```

Munthu wozolowera makope 1 mpaka 4 amadabwa ndi 4356, ndipo ena amayesa kuti ndi tsamba. Ndi kope ndithu, chifukwa lili m'mabulaketi. *Nature* imatuluka sabata ndi sabata kuyambira 1869, ndipo manambala a makope ake sabwerera pa 1 voliyumu ikasintha, amangopitirira. Voliyumu nayo apa siifanana ndi chaka: kuchokera 1869 kufika 1953 sipanadutse zaka 171. Nthawi imeneyo *Nature* inkatulutsa mavoliyumu awiri pa chaka, ndipo mu 1953 munali 171 ndi 172. Kuwerengera tinachita pa *Language* kuja kumagwira pa magazini a voliyumu imodzi pa chaka okha. Ndipo 737-8 ndi 737 mpaka 738, masamba awiri basi.

Vancouver amafupikitsanso mayina a magazini. `Malawi Med J` ndi *Malawi Medical Journal*, `N Engl J Med` ndi *New England Journal of Medicine*. Chidule chikakukanikani, chilembeni mu NLM Catalog, katalogi ya pa intaneti yomwe imapezeka pamodzi ndi PubMed, saiti yosakira nkhani za zachipatala, idzakupatsani dzina lonse. Musangoganizira, chifukwa magazini a mayina ofanana ndi ambiri.

Zizindikiro zina ziwiri zimene mudzakumana nazo. `Suppl` ndi kope lapadera lowonjezera, ndipo masamba ake kawirikawiri amayamba ndi S, monga S12–S19. Pa webusaiti ya magazini nthawi zina limaikidwa palokha, ndiye mukalifuna pakati pa makope wamba mwina simulipeza. Chachiwiri, magazini ambiri amene amatuluka pa intaneti pokha, monga *PLOS ONE*, alibe masamba opitirira. Nkhani iliyonse imapatsidwa nambala yakeyake, nthawi zina yoyamba ndi `e`, ndipo imeneyo imakhala pamalo pa masamba. Mukaona nambala imodzi yaitali yopanda kamzere, musavutike kufuna tsamba lomaliza.

Chachinayi: kusaka pa intaneti

Yang'anani kaye ngati kumapeto kwa refarensi kuli DOI. Imeneyi ndi nambala yosasintha ya nkhaniyo, ndipo nthawi zonse imayamba ndi `10.` Ya nkhani ya Watson ndi Crick ndi `10.1038/171737a0`. Ilembeni kumapeto kwa `https://doi.org/` motere:

```
https://doi.org/10.1038/171737a0
```

Idzakufikitsani pa tsamba la nkhaniyo mwachindunji. Pokopera samalani kuti musatenge mpumiro wa kumapeto kwa chiganizo, chifukwa kadontho kamodzi kowonjezera kamachititsa kuti makina anene kuti DOI yotere kulibe. DOI imakufikitsani pakhomo chabe, sikuti nkhaniyo ikhala yaulere.

Ngati DOI palibe, monga mu refarensi yathu ya 1987, tsegulani Google Scholar n'kulemba mutu wa nkhani m'kati mwa mitengero:

```
"Topic, pronoun, and agreement in Chichewa"
```

Mutu weniweni uli ndi ŵ, koma si makina onse amasunga chilembo chimenechi bwino. Yesani ndi w wamba, ndipo zikakana dulani mutuwo, musiye `"Topic, pronoun, and agreement"` n'kuwonjezera `Mchombo` kunja kwa mitengero. Musakopere refarensi yonse ndi manambala ake omwe m'kati mwa mitengero, pakuti mpatuliro umodzi ukasiyana simupeza kanthu. Zotsatira zikabwera, onani kumanja ngati kuli `[PDF]`, ndipo dinaninso pamene alemba `All versions` ndi nambala pakati, chifukwa nkhani imodzi imasungidwa malo angapo, ena olipira ena aulere.

Njira yachitatu ndiyo imene manambala aja amagwira ntchito yawo yeniyeni, ndipo ine ndimaikhulupirira kuposa zinazo chifukwa siidalira kuti mutu unalembedwa bwino. Pitani kumene magazini imasungidwa. Makope akale a *Language* ali pa JSTOR, saiti yosunga magazini a kafukufuku. Fufuzani dzina la magazini, osati la nkhani. Mudzapeza mndandanda wa zaka, m'kati mwa 1987 muli `Vol. 63`, pansi pake makope anayi. Dinani `No. 4`, ndipo pa mndandanda wa zam'kati tsikani mpaka pa `pp. 741-782`. Pa masaiti ena mndandanda wa zakawu umatchedwa `Archive`, `All issues` kapena `Past issues`. Magazini ambiri a mu Africa, kuphatikizapo *Malawi Medical Journal*, amapezeka pa African Journals Online, ndipo kumenekonso amasanjidwa motsata voliyumu ndi kope.

Saiti ikakupemphani ndalama, musafulumire kulipira. Ngati ndinu wophunzira kapena wogwira ntchito pa koleji, yesani pa netiweki ya pasukulupo kapena funsani ku laibulale, chifukwa malaibulale ambiri a m'Malawi amalipira limodzi kudzera m'bungwe la MALICO kuti anthu awo aziwerenga magazini ena. JSTOR nayo ili ndi akaunti yaulere yolola kuwerenga nkhani zina pa sikirini. Zikakanika zonsezi, kulembera mlembi kalata yaulemu yopempha kope si chinthu chachilendo.

Chachisanu: kusaka pa shelefu

Katalogi ya laibulale imadziwa mabuku ndi mayina a magazini, koma nthawi zambiri siidziwa nkhani za m'kati mwa magazini. Mukalemba mutu wa nkhani n'kupeza kuti palibe, sizikutanthauza kuti laibulaleyo ilibe. Lembani `Language`, ndipo popeza dzinali ndi lofala, sankhani kuti ikuonetseni magazini okha kapena wonjezerani dzina la bungwe lake.

Mukaipeza, werengani mzere wonena mavoliyumu amene laibulaleyo ili nawo. Tiyerekeze kuti walembedwa `v.50 (1974)–v.70 (1994)`. Voliyumu 63 ili pakati pa 50 ndi 70, ndiye ilipo. Ukanakhala kuti wathera pa `v.60`, kupita ku shelefu kukanakhala kutaya nthawi. Mawu ngati `lacks` kapena `incomplete` akutanthauza kuti makope ena akusowa, ndiye onani ngati losowalo si lanu.

Pa shelefu, makope akale amakhala atasokedwa pamodzi m'chikuto cholimba, ndipo pamsana pake pamadindidwa dzina la magazini, voliyumu ndi chaka. Nambala ya kope mwina simuiona pamsanapo, ndipo simuifunanso: tsitsani voliyumu 63, tsegulani molunjika pa 741. Voliyumu yonenepa imatha kugawidwa m'mabuku awiri, ndiye tengani lachiwiri. Ngati makope sanasokedwe, amakhala m'bokosi kapena mumulu, ndipo apo ndi pamene (4) amakupulumutsani, chifukwa nambalayo ili pachikuto.

Magazini amasinthanso mayina. Imene lero ndi *The Society of Malawi Journal* inayamba mu 1948 ngati *The Nyasaland Journal*, ndipo inasintha dzina dziko litalandira ufulu. Refarensi imatchula dzina limene magazini inali nalo chaka chimene nkhaniyo inatuluka, choncho nkhani ya m'zaka za m'ma 1950 muifune pa dzina lakale. Mukapita kwa woyang'anira laibulale, musangonena kuti mukufuna nkhani ya a Mchombo. Mupatseni kapepala kolembapo dzina la magazini, chaka, voliyumu, kope ndi masamba, ndipo adzakuthandizani msanga.

Chachisanu ndi chimodzi: tsimikizani kuti ndi yomweyo

Mukatsegula nkhaniyo, yerekezani ndi refarensi. Pamwamba kapena pansi pa masamba, magazini ambiri amasindikiza dzina lawo, voliyumu, kope ndi chaka. Tsamba loyamba likhale 741, lomaliza 782, olemba akhale awiri omwewo.

Izi n'zofunika chifukwa nkhani imodzi imatha kupezeka m'maonekedwe angapo. Olemba amagawa zolemba zawo zisanasindikizidwe, ndipo zoterozo zimakhala ndi mutu womwewo koma masamba ake amayambira pa 1, nthawi zina mawu ake ndi osiyanako. Mutha kuwerenga kuti mumve mfundo, koma `p. 745` simuipeza m'menemo, ndipo simuyenera kutchula masamba ake ngati kuti ndi a m'magazini.

Mu fayilo ya PDF muli manambala a masamba a mitundu iwiri. Pulogalamu yowerengera imasonyeza pamwamba kuti muli pa tsamba 1, 2, 3, pamene pa tsamba penipenipo pasindikizidwa 741, 742, 743. Marefarensi amatsata osindikizidwawo. Kuti mufike pa 745 msanga, werengerani: 745 kuchotsa 741, kuwonjezera 1, ndi tsamba lachisanu la nkhani. Mafayilo a JSTOR amakhala ndi tsamba lachikuto kutsogolo, ndiye pa pulogalamu yanu likhala la 6. Populinta masamba ochepa, makina amatsata manambala a pulogalamu, choncho mukalemba 745 sakupatsani kanthu.

Manambala akakana kugwirizana

Marefarensi olakwika ndi ochuluka kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa olemba ambiri amakopera kwa anzawo osaona nkhani yeniyeniyo, ndipo cholakwika chimodzi chimayenda kuchoka m'buku kupita m'buku. Ubwino wake ndi wakuti keyalayi imanena chinthu chimodzi kangapo, ndiye mbali imodzi ikalakwika zinazo zimakukonzerani.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa *Language*, *36*(4), 741–782, chaka 1987. Mukatsegula voliyumu 36 mupeza kuti ndi ya 1960. Chaka ndi voliyumu zikutsutsana, ndiye chimodzi n'cholakwika. Yesani mbali zonse ziwiri: onani voliyumu 36 ngati muli nkhani ya olemba amenewa, kenaka onani 1987. Mu 1987 mupeza voliyumu 63, ndipo muzindikira kuti wolembayo anangotembenuza manambala. Kutembenuza kotere ndiko kulakwitsa kofala kwambiri, pa masamba pomwe: 714 m'malo mwa 741.

Mukapatsidwa *63*(1), 741–782, kope ndi masamba ndizo zikutsutsana, chifukwa kope loyamba la magazini yotuluka kanayi silingafike pa 741. Khulupirirani masamba, mupite ku kope limene ali. Mukapeza 4(63), ndiye kuti voliyumu ndi kope zasinthana malo, popeza magazini iyi ilibe makope 63 pa chaka.

Pa nkhani zatsopano chaka chimatha kusiyana ndi chimodzi popanda wolakwa. Magazini ambiri amaika nkhani pa intaneti miyezi ingapo isanapatsidwe voliyumu ndi masamba, ndiye amene anaiwerenga msanga analemba chaka choyambacho ndi mawu ngati `Advance online publication` kapena `in press`, pamene anzake analemba chaka cha voliyumu. DOI ndi imodzi pa zonsezi, ndipo ndiyo imathetsa mkangano.

Pomaliza pali refarensi imene mbali zake zonse zimaoneka zabwino koma nkhaniyo kulibe. Mwatsegula voliyumu yake, kope lake, ndipo pa masamba amenewo pali nkhani ina ya anthu ena. Onani makope ena a voliyumuyo, voliyumu ya chaka cham'mbuyo ndi ya chaka chotsatira, kenaka lembani mutu ndi dzina la mlembi pa `search.crossref.org`, kumene kumasungidwa tsatanetsatane wa nkhani zokhala ndi DOI, mwina dzina la magazini ndilo linasokonekera. Ngati olembawo alipodi koma mutuwo sukupezeka paliponse, ngakhale pa mndandanda wa zolemba zawo, refarensiyo musaiike m'pepala lanu. Bwererani kwa amene anakupatsani, mumupemphe akuonetseni tsamba loyamba la nkhaniyo.